Anatayika, Adatayika Kapena Adaatayika?

Teremu yachitatu itangoyamba, aphunzitsi athu a Chichewa m'Fomu 3 adatipatsa chimangirizo cha mutu wakuti "Ulendo Wosaiwalika". Ine ndidayamba changa motere: "Chaka chatha tinapita ku Monkey Bay kukaona sitima ya Ilala." Kope litabwera ndidapeza kuti paliponse pamene ndidalemba tinapita, tinafika, tinaona, inki yofiira yadula -na- nkuikapo -da-. Tsamba lonse lidafiira ngati munthu wapherapo nkhuku.

Mnzanga wina amene makolo ake ndi ochokera ku Dedza adandiseka kwambiri. Adati, "Inu a kunyanja Chichewa simuchidziwa. Chichewa chenicheni ndi cha -da-." Koma sabata yotsatira nayenso adalandira yake. Iye adalemba kuti, "Lero m'mawa ndidadya phala," ndipo aphunzitsi omwewo adadula -da- wake nkulemba -na-. Tidayang'anana kusowa chonena. Ine andilakwitsa chifukwa cha -na-, mnzanga amulakwitsa chifukwa cha -da-. Nanga cholondola ndi chiti?

Funso limeneli ndidalitenga ngati nkhani ya malikisi chabe, mpaka pamene kalata ina yochokera kwathu idandisowetsa tulo. Ndifotokoza za kalatayo, koma tiyambe taona kaye malo amene vutoli limakhala.

Kachidutswa ka pakati

Mneni wa Chichewa ali ngati bwato la mipando itatu. Titenge mawu akuti ndidapita. Kutsogolo kwakhala ndi-, amene akutiuza wochita ntchito. Kumapeto kuli tsinde, -pita, limene likutiuza ntchitoyo. Pakati pali -da-, ndipo ameneyu ndiye mphatikiri wosonyeza nthawi. Mukamusintha yekhayo, chiganizo chonse chimasamuka: ndikupita, ndapita, ndinapita, ndidapita, ndinkapita, ndidzapita. Choncho tikamafunsa ngati chiganizo chili m'nthawi yoyenera, maso athu apite pa mpando wapakatiwo.

Kodi -na- ndi wolakwika?

Kwathu ndi m'mbali mwa nyanja kufupi ndi Malindi. Agogo anga, amene sadaphunzirepo galamala, akamakamba za ubwana wawo amati, "Ndinabadwa chaka cha njala." Pa msika wa Mangochi, ku Namwera, ku Makanjira ngakhale ku Balaka mudzamva -na- yemweyo, ndipo anzathu ambiri amene kwawo amayankhula Chiyao adaphunzira Chichewa chimenechi. Koma -da- amamveka kwambiri pakamwa pa anthu a m'madera a chigawo chapakati. Pokamba za zinthu za dzulo kapena zakale, awiriwa amagwira ntchito imodzi. "Ndinabadwa" ndi "ndidabadwa" ndi nkhani imodzi, kusiyana ndi kumudzi kokha.

Mabuku athu omwe akuchitira umboni. Buku Lopatulika, limene lidatuluka mu 1922, limasimba nkhani zambiri ndi -na-, pamene Buku Loyera la mu 1998 limasimba ndi -da-. Palibe amene angati limodzi mwa awiriwa si Chichewa.

Nanga -da- adakhala bwanji mfumu ya m'kalasi? Mu 1968 chiyankhulo chimene chinkatchedwa Chinyanja chidasankhidwa kukhala chiyankhulo cha fuko, ndipo dzina lake lidasintha kukhala Chichewa. Mu 1972 boma lidakhazikitsa bungwe la Chichewa Board kuti liziyang'anira kalembedwe ndi kayankhulidwe koyenera. Mtsogoleri wa dziko pa nthawiyo, Dr Hastings Kamuzu Banda, adali wa ku Kasungu, ndipo ankalimbikira kuti Chichewa cha chigawo chapakati ndicho chikhale muyeso. Motero -da- adalowa m'mabuku a sukulu ngati mphatikiri wa zinthu zakale. Bungwe lija lidatha, ndipo mu 1996 ntchito yake idapita ku Centre for Language Studies ya Yunivesite ya Malawi ku Zomba, koma chizolowezi cha -da- chidatsalabe m'makalasi.

Pamenepa wina atha kunena kuti lamulo la kusukulu ndi tsankho chabe. Inenso ndinkaganiza choncho. Kalata ija ndiyo idandisintha maganizo.

Kalata ya mlongo wanga

Abambo anga ndi msodzi. Ali ndi bwato limodzi ndi matchera, maukonde aja amawatchera madzulo nkukawavuula m'mawa. Ndalama ya fizi yanga, sopo ndi yoyendera imachokera m'matchera amenewo. M'mwezi wa Juni, nthawi imene mwera umakalipa pa nyanja, mlongo wanga wamng'ono wa Sitandade 7 adandilembera kakalata nkupatsira munthu wa ku parishi kwathu amene ankabwera kuno. Kalatayo idati:

"Achimwene, kuno tonse tili bwino. Mwera unavuta ndipo matchera a bambo anatayika. Amayi akuti mulimbikire sukulu."

Ndidawerenga kawiri, katatu. Mtima udagunda. Matchera akapita, fizi ya chaka chamawa ichokera kuti? Masiku angapo ndinkangokhala duu pa nthawi ya maphunziro a madzulo, maso pa buku koma mutu uli ku dooko la kwathu. Ndidafika poganiza zoti mwina Fomu 4 sindidzailowa.

Titatsekera sukulu ndidafika kwathu mtima uli m'mwamba. Chinthu choyamba kuona chidali matchera aja atayanikidwa pa mchenga, abambo ali pambali kusoka pamene padang'ambika. Asodzi a dooko lina adawapeza patapita masiku awiri atakodwa m'bango, ndipo adawazindikira chifukwa cha zoyandamitsa zake. Pamene mlongo wanga ankalemba kalata, matcherawo nkuti atapezeka kale.

Ndidamufunsa mokwiya kuti, "Iwe, bwanji sudandiuze kuti adapezeka?"

Iye adadabwa nkuyankha kuti, "Achimwene, si ndinanena kuti anaatayika?"

Adatchula mawuwo mokoka, liwu litakwera poyamba: a-naa-tayika. Nditamva ndi khutu ndidazindikira nthawi yomweyo kuti akutanthauza chinthu chimene chidachitika koma chidatha. Mwanayo sadaname. Adalemba momwe adaphunzirira kulemba, ndi a mmodzi, ndipo pepala lidameza mbali ya uthenga wake.

Mawu amodzi, matanthauzo atatu

Chichewa ndi chiyankhulo chimene kukweza ndi kutsitsa liwu kumasintha tanthauzo, koma polemba sitiika zizindikiro zosonyeza zimenezi. Pano ndilemba ndi malembo aakulu phatikizo limene liwu limakwera, kuti muyese kutchula nokha.

Choyamba: matchera aNAtayika. Liwu lakwera pa -na- penipeni. Apa zinthu zidachitika dzulo kapena kale, ndipo womva amaganiza kuti mpaka pano matcherawo kulibe. Ameneyu ndiye -na- amene ali chimodzimodzi ndi -da-: adatayika. Umu ndi momwe ine ndidawerengera kalata ija.

Chachiwiri: matchera anaTAyika. Liwu ladumpha -na- nkukwera pa phatikizo lotsatira. Apa nkhani ndi ya lero lomwe, mwina m'mawa kapena usiku wapitawu, ndipo kawirikawiri zinthu zasinthanso: anatayika m'mawa muja koma tawapeza. Pa malo amenewa aphunzitsi salola -da-. Nchifukwa chake mnzanga wa ku Dedza adalakwa polemba kuti "lero m'mawa ndidadya phala".

Chachitatu: matchera ANAAtaYIka, kapena adaatayika. Apa a watalika, liwu lakwera koyambirira ndiponso pa phatikizo lachiwiri kuchokera kumapeto. Zinthu zidachitika dzulo kapena kale, koma zotsatira zake zidafafanizika. Ichi ndicho mlongo wanga ankanena.

Pakamwa matanthauzo atatuwa sasokonekera, ndipo ngakhale mwana wa zaka zisanu amawasiyanitsa. Pa pepala onse atatu atha kuoneka ngati anatayika. Apa mpamene ndidaona nzeru ya lamulo la kusukulu. Tikasunga -da- kuti akhale wa dzulo ndi kale, nkusiya -na- kuti akhale wa lero, ndiponso tikalemba aa pamene liwu latalika, maso amaona chimene khutu likadamva. Agogo anga salakwa akamati "ndinabadwa", chifukwa liwu lawo limamveka. Koma cholembera chilibe liwu, choncho chimafuna thandizo.

Mafunso awiri oyesera chiganizo

Kuchokera pa zimenezi ndidapeza njira imene ndimayesera ziganizo zanga ndisanapereke kope. Ndimadzifunsa mafunso awiri. Loyamba: kodi zachitika lero, kapena dzulo ndi kale? Lachiwiri: kodi zotsatira zake zikadalipo, kapena zidasintha? Mayankho ake amabala nthawi zinayi. Tiyese ndi mlendo.

Ngati wafika lero ndipo ali m'nyumba muno, timati, "Mlendo wabwera." Mphatikiri ndi -a-, monga mu ndabwera, mwabwera, tabwera. Amayi akamva chiganizo chimenechi amawonjezera ufa mu mphika.

Ngati wafika lero koma wabwerera, timati, "Mlendo anabwera," liwu litakwera pa -bwe-. Apa ufa sawonjezera, amangofunsa kuti wasiya uthenga wanji.

Ngati adafika sabata yatha ndipo akadali nafe, timati, "Mlendo adabwera." Ngati adafika sabata yatha koma adapita kale kwawo, timati, "Mlendo adaabwera."

Mbiri ya Mpingo m'dera lathu lino ili ndi chitsanzo chabwino cha ziwiri zomalizazi. Ansembe a chipani cha White Fathers adaafika kwa Mfumu Mponda, kufupi ndi pamene pali tawuni ya Mangochi lero, m'mwezi wa Disembala 1889. Ndalemba adaafika chifukwa sadakhalitse: mu 1891 adachoka. Koma ansembe a chipani cha Montfort adafika ku Nzama m'boma la Ntcheu mu 1901, ndipo apa ndalemba adafika chifukwa mishoni ya Nzama idakhazikika. Munthu wodziwa Chichewa akamva ziganizo ziwirizi amadziwiratu mathero a nkhani asanauzidwe.

Kusiyana kumeneku sikudatulukiridwe dzulo. Dr Banda yemwe uja ali wophunzira ku Chicago m'dziko la Amereka, adathandiza katswiri wa ziyankhulo Mark Hanna Watkins, amene mu 1937 adasindikiza buku la galamala ya Chichewa. M'bukumo Watkins adaonetsa kusiyana kwa -da- ndi -daa- ndi zitsanzo ziwiri zimene ife a pa seminale tingazimve msanga. Za kulengedwa kwa dziko tiyenera kunena ndi -da-, pakuti dzikolo lilipobe. Koma za imfa ya Yesu, Mkhristu anene ndi -daa-, pakuti mwini wakeyo sadakhalitse m'manda. Taonani, chilembo chimodzi chanyamula nkhani yonse ya Pasaka! Mukatsegula Buku Loyera mudzaona kuti omasulira ake adalemba -daa- malo ambiri, pamene mabuku ena ambiri amangolemba a mmodzi nkumusiya wowerenga adzipezere yekha.

Malire a lamuloli

Nditamuuza zimenezi mnzanga wa ku Dedza adandifunsa kuti, "Ndiye aliyense wonena kuti Yesu adafa wasanduka wampatuko?" Iyayi. Apa pali malire amene tiyenera kuwadziwa.

Funso lachiwiri lija, la zotsatira, limalemera kwambiri pamene chiganizo chaima chokha, monga muuthenga kapena poyankha funso. Koma posimba nkhani, pamene zochitika zikutsatana ngati mikanda, -da- amangoyendetsa nkhani osalonjeza chilichonse. Ndikati, "Abambo adadzuka mbandakucha, adakankha bwato, adapalasa mpaka pakati pa nyanja, ndipo adabwerako masana," palibe amene angaganize kuti abambo akadali pakati pa nyanja. Chiganizo chotsatira chimakonza choyamba. Momwemonso wonena kuti Yesu adafa nkupitiriza kuti adauka, sadalakwe. Mlongo wanga akadalemba kuti "matchera anatayika koma anapezeka", kalata yake ikadamveka ngakhale ndi a mmodzi. Vuto lidali lakuti mneniyo adaima yekha, ndipo katundu yense adali pa iye.

Malire ena ndi akuti -a- sakhala wa lero lokha. Ndikati, "Takhala pa dooko lino zaka khumi," zakazo zidayamba kale, koma chifukwa tikadalipobe, -a- ndiye woyenera. Kunena kuti "tidakhala pa dooko lino zaka khumi" kukupereka ganizo loti zaka khumizo zidatha ndipo nkhani ndi ina tsopano.

Palinso funso lachitatu limene limabwera ngati ntchitoyo sidachitike kamodzi. "Agogo adapha chambo chambiri" ndi nkhani ya ulendo umodzi wamwayi. "Agogo ankapha chambo chambiri" ndi chizolowezi cha masiku amenewo, chimene lero kulibe. Ambirife pakamwa timati "amapha" kapena "amawedza" pa zonse ziwiri, zakale ndi zalero, ndipo liwu ndilo limasiyanitsa: AmaWEdza ndi msodzi mpaka pano, amaWEdza ndi zimene ankachita nthawi ina yapita. Pa pepala mawuwa ndi amodzi. Choncho polemba za kale ndi bwino kusankha -nka-, amene sasokoneza munthu.

Tikonze ndime imodzi

Nayi ndime yonga imene ambirife timalemba tikamathamangira belu:

"Chaka chatha amalume anagula injini ya bwato. Injiniyo idawonongeka koma amakaniko anaikonza. Kale amalume amapalasa ndi nkhafi. Lero m'mawa adapita ku Monkey Bay ndipo sanabwerebe."

Chiganizo choyamba: chaka chatha si lero, ndipo injini ilipo. Tilembe adagula. Pakamwa anagula alibe mlandu, koma taonani kuti wolembayu wayamba ndi -na-, walumphira ku -da-, wabwereranso ku -na-. Kusakaniza kotereku ndiko kulakwa kumene kumaoneka msanga, chifukwa wowerenga amayamba kufunafuna kusiyana kumene kulibe.

Chiganizo chachiwiri: kuwonongekako kudatha, pakuti injini idakonzedwa. Tingalembe idaawonongeka, ngakhale kuti idawonongeka sangatisocheretse poti "koma" akutsatira. Kukonzako kukadalipo, choncho adaikonza.

Chiganizo chachitatu: mawu akuti "kale" akufuna ankapalasa.

Chiganizo chachinayi: ndi lero, choncho -da- achoke. Kodi tiike -na-? Tifunse funso lachiwiri. Amalume sanabwerebe, ndiye kuti kupitako kukadalipo. Woyenera ndi -a-: apita. Akadakhala kuti abwerako, tikadati anapita.

Ndime yokonzedwa ikhala motere: "Chaka chatha amalume adagula injini ya bwato. Injiniyo idaawonongeka koma amakaniko adaikonza. Kale amalume ankapalasa ndi nkhafi. Lero m'mawa apita ku Monkey Bay ndipo sanabwerebe."

Onani kuti mawu ngati lero, dzulo, chaka chatha ndi kale ali ngati mboni. Mphatikiri akatsutsana ndi mboni zimenezi, monga "lero adapita" kapena "chaka chatha wapita", dziwani kuti penapake palakwika. Ngati mboni palibe, werengani chiganizocho mokweza, mumvere pamene liwu lanu lakwera, kenaka mudzifunse ngati munthu amene sadakumveni angapeze tanthauzo lomwelo pa pepala.

Mwina mwaona kuti nkhani ino ndaisimba ndi -da- kuyambira pamwamba, ngakhale ndine mwana wa kunyanja. Ndikapita kwathu ndimabwerera ku -na- wa agogo, ndipo sindichita naye manyazi. Mnzanga uja adasiya kutinena kuti sitidziwa Chichewa, ndipo phala la m'mawa amalidya ndi -na- masiku ano. Akuluakulu adati safunsa adadya phula: ine ndikadapeza njira yofunsa kwathu kuti matcherawo apezeka kapena ayi, sindikadaonda ndi maganizo mwezi wathunthu.

Tsiku lobwerera kusukulu ndidamukhazika pansi mlongo wanga nkumupempha kuti akamandilembera za chinthu chotayika, chodwala kapena chowonongeka, aziwonjezera a wachiwiriyo ngati vutolo latha. Kalata yake yoyamba ya teremu ino yafika sabata yatha. Akuti agogo adaadwala malungo. Ndawerenga zilembo za mneniyo chimodzichimodzi, ndapeza ma a awiri, ndipo usiku umenewo ndidagona tulo tabwino.